Bambo akamwalira osasiya wilo: zoyenera kuchita mayi wamasiye katundu asanayambe kutuluka

Katundu wa masiye ambiri kuno ku Chipata amatayika m'masiku ochepa a pakati pa kuika maliro ndi tsiku limene banja lisankha woyang'anira chuma, amene tonse timangomutcha adiministireta. Masiku amenewo mayi amakhala ali pamphasa, mutu uli pansi, azimayi atamuzungulira, ndipo mwambo sumulola kuyankhula zambiri. Nthawi yomweyo wina amakhala akufunsa makiyi a kuchipinda, wina watenga foni ya malemu kuti azidziwitsa abale akutali, wina akuti mapepala a nyumba akasungidwe kwa akulu. Mayi akamadzadzuka pamphasapo, zofunika zonse zili m'manja mwa anthu ena.

Ndikulemba za banja limene bambo wamwalira osasiya wilo, chifukwa ndi mmene zimakhalira m'nyumba zambiri ku Kapata, Mchini, Nabvutika ndi m'midzi ya ku Katete, Chadiza mpaka Petauke. Pa imfa yotere pali lamulo la dziko la Zambia la chaka cha 1989, lomwe lili pa Chaputala 59 cha malamulo athu, ndipo limanena momveka kuti chuma chipite kwa yani. Limagwira ntchito ngakhale ukwati unali wa kwa ankhoswe wopanda setifiketi ya kukanselo, ngakhalenso pa mitala.

Choyamba: mapepala, makiyi ndi foni

Izi zichitike tsiku lomwelo la imfa, ndipo mayi sangazichite yekha. Asankhe munthu mmodzi womukhulupirira, mchemwali wake, mwana wamkulu kapena mayi wa kumpingo, amunong'oneze pamene pali zinthu. Munthuyo asonkhanitse reji ya malemu, taito kapena kalata ya puloti yochokera kukanselo, buku loyera la galimoto kapena la njinga yamoto, makhadi a kubanki, nambala ya NAPSA, mapepala a kuntchito, setifiketi ya ukwati ngati ilipo, ndi makhadi a sikelo kapena masetifiketi a kubadwa a ana. Zonsezi zituluke m'nyumba ya maliro, zikagone kwina kumene kulibe piringupiringu. Mpata ukapezeka, zijambulidwe mafotokope, ndipo aliyense wopempha pepala azipatsidwa fotokope basi.

Reji ya malemu idzafunika pokatenga chilolezo cha kumanda, choncho amene waitenga adziwike, ndipo pepala lililonse lotuluka kuchipatala, kupolisi kapena kukanselo libwerere kwa mayi. Ngati imfa inachitikira kumudzi, kalata ya amfumu yotsimikiza imfayo ndiyo poyambira. Mapepala amenewa ndi omwe mudzapite nawo ku ofesi yolembetsa mareji kukatenga setifiketi ya imfa, ndipo popanda umboni wa imfa khoti, banki ndi kuntchito sakuthandizani.

Foni musaiderere. Masiku ano ndalama za wogulitsa pamsika wa Kapata kapena wogula soya ndi mtedza m'midzi zimagona mufoni, ndipo mauthenga a amene ali ndi ngongole kwa malemu alinso momwemo. Mlamu amene akudziwa pini akhoza kupukuta zonse usiku umodzi. Simu ichotsedwe isungidwe, abale akutali aziimbiridwa ndi foni ina. Koma nayenso mayi asatape ndalama za mufoni kapena za kubanki pogwiritsa ntchito pini ya malemu. Ndikudziwa kuti maliro amadya ndalama ndipo njala siidikira khoti, komabe ndalama zotapidwa chonchi n'zimene abale amadzaimirira nazo pamsonkhano n'kunena kuti wakuba woyamba ndi mkazi. Ngati zinatapidwa kale pogula bokosi kapena ufa, malisiti asungidwe.

Chachiwiri: lembani kaundula pamaso pa mbali zonse ziwiri

Tengani kope la sukulu, muyende chipinda ndi chipinda, mulembe chilichonse: mipando, firiji, matiresi, masola, matumba a chimanga ndi a fetereza, ngolo, pulawo, ng'ombe ndi mtundu wa iliyonse, njinga yamoto ndi nambala yake. Jambulani zithunzi. Pakhale mmodzi wa kuchimuna, mmodzi wa kuchikazi, ndi munthu wapadera monga mkulu wa mpingo, amfumu kapena tcheyamani wa m'komboni. Onse asayine ndi kulemba tsiku.

Kuitana akuchimuna pa ntchito imeneyi kumaoneka ngati kudzionetsera pangozi, koma ine ndimalimbikitsa kwambiri. Kaundula wolemba mayi yekha amakanidwa kuti wabisa zina. Kaundula amene mlamu anasayinapo ndi dzanja lake amamumanga iye mwini tsiku limene firiji yasowa.

Pa tsamba lina lembani katundu wa mayi mwini. Makina osokera amene anagula ndi ndalama za chilimba, mbuzi zimene anapatsidwa kwawo, kantemba kake, zimenezi si chuma cha masiye ndipo sizilowa m'magawo. Lamulo limagawa za malemu zokha. Lisiti, buku la gulu la banki m'khonde kapena mboni imene inaona kugulako zimathandiza pano.

Chachitatu: dziwani gawo lanu musanakhale pamsonkhano

Anthu ambiri anamvapo za maperesenti, koma zinthu ziwiri zimachotsedwa maperesenti asanayambe, ndipo ndi zomwe zimasunga ana pamalo.

Nyumba ndi ya mkazi ndi ana, onse pamodzi. Mayi ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, ndipo ufulu umenewo umatha pokhapokha akakwatiwanso. Ngakhale atakwatiwa, nyumbayo imatsalira ana, sipita kwa achimwene a malemu. Nyumba zikakhala zingapo, mayi ndi ana amasankha imodzi, zotsalazo n'kulowa m'chuma chogawidwa.

Katundu wa m'nyumba nayenso ndi wa mkazi ndi ana. Lamulo limatchula zovala, mipando, ziwiya, zipangizo za m'nyumba, zida zazing'ono zolimira, mabuku ngakhalenso galimoto. Chosalowa m'gulu limeneli ndi ndalama ndi katundu wa bizinesi. Galimoto yopitira kutchalitchi ndi kumunda ndi ya mayi ndi ana, pamene takisi yonyamula anthu kupita ku Mwami kapena chigayo chogayitsa anthu zimawerengedwa m'chuma chogawidwa. Pa zovala ndimalangiza kufewa mtima. Kugawa malaya ndi majekete a malemu kwa abale ndi mwambo umene umatonthoza anthu, ndipo mayi akapereka mwa kufuna kwake sataya kanthu. Chokanidwa n'chakuti mwambo wa zovala ukhale khomo lotulutsira bedi ndi wailesi ya kanema.

Zotsala zonse, ngongole ndi zolipira maliro zikachotsedwa, zimagawidwa chonchi: 20 peresenti kwa mkazi, 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa makolo a malemu, ndi 10 peresenti kwa amene ankadalira malemu.

Tiyerekeze ndi banja la ku Kapata. Bambo anali dalaivala pa kampani ina, wasiya mkazi, ana atatu m'nyumba ndi mwana mmodzi amene anabereka kwina asanakwatire. Amayi ake ali moyo kumudzi ku Chadiza, ndipo m'nyumbamo munkakhala mphwake wa zaka 13 amene malemu ankamulipirira zonse za sukulu. Kubanki kuli K40,000, kuntchito kutuluka K70,000, ndipo njinga yamoto imene mnyamata wina ankanyamulira anthu ikhoza kugulidwa K20,000. Zonse pamodzi ndi K130,000. Ngongole ya fetereza ndi zolipira maliro zakwana K30,000, kutsala K100,000. Mayi alandira K20,000, ana anayi agawana K50,000, agogo a ku Chadiza K20,000, mphwake uja K10,000. Nyumba ndi za m'nyumba sizinakhudzidwe.

Mu chitsanzochi muli mfundo zitatu zimene zimautsa mkangano. Mwana wobadwira kunja ndi mwana ndithu pamaso pa lamulo, ngakhale amene ali m'mimba, ndipo ali ndi gawo lake pa ndalama ndi panyumba pomwe. Izi zimawawa, koma mayi amene abisa mwana wotere amadzipezera mlandu umene ungagwetse zonse zimene anakonza bwino. Kenaka K50,000 ya ana sigawidwa mofanana mwa chikakamizo: lamulo limati kuyang'anidwe msinkhu ndi zosowa za sukulu, choncho wa giredi 3 angalandire zambiri kuposa amene ali kale pantchito. Gawo la mwana wosakwana zaka 18 limasungidwa ndi kholo lake kapena womulera mpaka atakula, ndipo ndi bwino kulitsegulira akaunti yakeyake. Chotsiriza, achimwene ndi alongo a malemu, amalume ndi adzukulu amene ankadzidalira okha sapezeka pa mndandandawu. Kulandirako thumba la ufa pa Khirisimasi sikumusandutsa munthu wodalira malemu. Wodalira ndi amene malemu ankamusunga mpaka tsiku la imfa, akukhala naye pakhomo kapena ali mwana amene ankamuphunzitsa.

Apa ndi pamene lamulo limasiyana ndi zimene ambiri tinakulira. Kwa Achewa ndi Ansenga chuma cha mwamuna chinkatsata mbumba yake, kwa ana a mlongo wake, pamene kwa Angoni a Mpezeni chinkakhala kuchimuna m'manja mwa achimwene. Mlamu amene akuti ng'ombe ndi za mbumba nthawi zina sakunama mwadala, akunena zimene anaona agogo ake akuchita. N'chifukwa chake gawo la makolo liperekedwe msanga ndi poyera. Apongozi akalandira 20 peresenti yawo m'manja, pamaso pa anthu, amene ankawagwiritsa ntchito ngati chishango amasowa ponamizira.

Pa mitala, 20 peresenti ya mkazi imagawidwa pakati pa akaziwo poyang'ana zaka zimene aliyense wakhala pabanja ndi zimene anathandizapo pa chumacho, ndipo aliyense amatsala ndi katundu wa m'nyumba yake pamodzi ndi ana ake. Ndalama za NAPSA zili ndi malamulo akeake oyang'ana mkazi ndi ana, choncho mayi apite yekha ku ofesi yawo ndi mapepala, asatume mlamu.

Chachinayi: kusankha adiministireta

Pano ndi pamene nkhani yonse imapindikira. Maliro akaikidwa, banja limakhala pansi, ndipo kawirikawiri wamkulu wina amangoti, “Ife taona kuti achimwene awo a malemu ndiwo ayendetse zinthu.” Anthu amavomera, mayi ali chete, mawa lake mlamu ali ku lokolo khoti ndi mboni ziwiri za kwawo, ndipo amabwerako ndi pepala la chidindo limene banki ndi kuntchito adzalilemekeza.

Adiministireta si wolowa m'malo mwa malemu, ndipo pepala la khoti silimupatsa umwini wa kanthu. Ali ngati wogawa nyama pamaliro: mpeni uli m'manja mwake, koma ng'ombe si yake. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa chuma, kulipira ngongole ndi za maliro, kugawa motsata lamulo, ndi kuonetsa kaundula ndi mmene ndalama zayendera khoti likafuna. Saloledwa kudyererapo pa udindowo. Saloledwanso kugulitsa nyumba kapena katundu wina wa masiye popanda chilolezo cha khoti.

Mayi wamasiye ali ndi ufulu wonse wokhala adiministireta, chimodzimodzi mwana wamkulu. Lamulo limalola anthu mpaka anayi, ndipo pamene pali ana aang'ono limafuna kuti asachepere awiri. Njira imene ndaona ikuletsa nkhondo m'mabanja ambiri ndi yosankha awiri: mayi mwini ndi mmodzi wa kuchimuna amene ali ndi mbiri yabwino. Akuchimuna amaona kuti sanatayidwe, ndipo palibe ndalama imene ingatuluke mayi osasayina.

Mawu onenera pamsonkhano akonzedwe usiku wake, ndipo ngati mayi sangathe kuyankhula, nkhoswe yake imunenere. Safunika kukhala aukali. Akhoza kungoti, “Alamu, ndathokoza kuti mwadzipereka kutithandiza. Ana awa ndikhala nawo ndine, ndiye ndikupempha kuti dzina langa likhalepo limodzi ndi lanu, kukhoti tipitire pamodzi.” Wina akapereka pepala kuti mayi asayine pomwepo, yankho ndi lakuti, “Mutu wanga sunakhazikike, ndiliwerenga ndi ankhoswe anga kaye.” Pepala losawerenga lisasayinidwe, ngakhale atanena kuti ndi longotengera ndalama za bokosi. Zogwirizana pamsonkhano zilembedwe, opezekapo asayine.

Tsiku lopita kukhoti mayi apite ndi thupi lake, atanyamula umboni wa imfa, reji yake, mapepala a ana, kaundula uja ndi mboni yodziwa za ukwati wake. Kwa amene anakwatiwa mwa mwambo, ankhoswe ndiwo setifiketi yake, chifukwa bodza loyamba limene olanda amanena ndi lakuti “sanali mkazi, ankangokhala naye”.

Pali msampha wina wa khoti lomwe. Ambiri amathamangira ku lokolo khoti poti ili pafupi, n'njotsika mtengo ndipo amayankhula chinenero chathu. Koma mphamvu zake pa chuma cha masiye zili ndi malire otsika kwambiri. Ngati pali nyumba ya taito kapena ndalama zambiri, makalata oyendetsera chuma akatengedwe ku Hayi Khoti, yomwe ilipo konkuno ku Chipata, chifukwa pepala la lokolo khoti pa chuma chotere likhoza kukanidwa posintha dzina pa taito kapena kugwetsedwa wina akalitsutsa. Amene alibe ndalama za loya apite ku ofesi ya boma ya Ligo Edi akafunse thandizo.

Nanga ngati mlamu anapita kale mwakabisira n'kutenga pepala? Sizinathe. Khoti limene linamupatsa udindo lili ndi mphamvu yomulanda ngati anaupeza mwa bodza kapena mobisa mfundo zofunika, monga kusatchula kuti pali mkazi ndi ana, kapena ngati sakuyendetsa bwino chuma. Mayi akadandaule kukhoti komweko msanga, ndipo tsiku lomwelo alembe kalata ku banki ndi kuntchito kwa malemu yodziwitsa kuti pali mkangano, asunge kope yodindidwa. Zizindikiro za adiministireta wosokonekera zimaoneka msanga: amakana kuonetsa sitetimenti ya kubanki, amayamba kutolera lendi n'kuika m'thumba mwake, amabwera ndi alendo odzayendera puloti, ndipo ukamufunsa amayankha kuti “zikuyenda” osatchula nambala.

Chachisanu: akabwera kudzanyamula

Galimoto ikaima pakhomo, musagwirane nawo m'manja. Itanani aneba ndi tcheyamani, jambulani katundu akukwezedwa ndi nambala ya galimotoyo, lembani maina a onyamula. Kenaka pitani kupolisi mukafunse ofesi ya Vikitimu Sapoti, imene inakhazikitsidwa kuti izithandiza pa nkhanza za m'banja ndi milandu yolanda katundu wa masiye ngati imeneyi. Tengani kaundula uja, chifukwa wapolisi amagwira ntchito mosavuta mukamuonetsa kuti firiji iyi inalembedwa tsiku lakuti, mlamu yemweyu atasayina.

Kulanda munthu katundu amene lamulo la 1989 lamupatsa ndi mlandu, ndipo gawo 14 la lamulolo limapereka chilango cha faindi, kapena ndende mpaka zaka ziwiri, kapena zonse ziwiri. Nthawi zambiri apolisi amayamba ndi kuitanitsa mbali zonse, ndipo abale ambiri akamva za ndende katundu amabwerera. Akalonjeza kubweza, lonjezolo lilembedwe ndi tsiku lake lobwezera. Wina pa ofesi akakuuzani kuti “izi ndi za pabanja, kakambiraneni kunyumba” pamene mwathamangitsidwa kale m'nyumba, musabwerere chimanjamanja, pemphani kuonana ndi mkulu wa siteshoniyo.

Ngati pali kuopsezedwa, kumenyedwa kapena kutsekeredwa kunja, lamulo la 2011 lothana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limalola khoti la majisitireti kupereka chikalata choteteza mayi, choletsa wozunzayo kumuyandikira kapena kumuchotsa panyumba. Lamulo lomwelo limaika kukakamiza chokolo ndi kukakamiza kugonana kwa mwambo wochotsa imfa m'gulu la nkhanza. Ndikutchula izi chifukwa olanda ena amagwiritsa ntchito mwambo ngati chingwe: amati sitikusudzula, kapena sitikumeta, mpaka utapereka makiyi. Mayi wochitiridwa zotere akauze amfumu ndi akulu a mpingo wake poyera, pakuti kusudzula ndi udindo wa banja, si malonda.

Munda wa kumudzi

Pano lamulo la 1989 lili ndi malire amene muyenera kuwadziwa musanawononge ndalama za thiransipoti. Silikhudza malo a mwambo amene ali m'manja mwa mafumu, silikhudza katundu wa ufumu, ndiponso silikhudza chuma cha banja lonse, monga ng'ombe zimene malemu ankangosungira mbumba kuchokera kwa makolo. Ng'ombe zimene anagula yekha ndi ndalama za thonje kapena fodya ndi zake ndipo zimagawidwa mwa lamulo, choncho pa kaundula paja zisiyanitsidwe bwino, mboni za m'mudzi zikadalipo.

Mayi amene anali pa chikamwini, mwamuna atabwera kudzakhala kwawo, munda ndi wa kwawo ndipo savutika kwenikweni. Amene amagwa m'mavuto ndi wa chitengwa, amene anatengedwa kukakhala kumudzi kwa mwamuna. Iyeyo njira yake ndi ya kwa amfumu a m'mudzi, zikakanika kwa agulupu, mpaka ku bwalo la mfumu yaikulu ya dera. Apite msanga mvula isanagwe, munda usanalimidwe ndi wina, atatenga ana ndi ankhoswe a mbali zonse. Pempho likhale m'dzina la ana, kuti apitirize kulima pamene bambo awo ankalima, ndipo chigamulo chikaperekedwa apemphe kuti chilembedwe m'buku la mudzi ndi kupatsidwa kalata ya chidindo yotchula malire. Mbewu zimene zili m'munda ndi chimanga cha m'nkhokwe ndi thukuta la banjalo, choncho ngakhale mkangano wa malo usanathe, akanene kwa amfumu kuti akolola yekha, ndipo wina akathyola nkhokwe nkhaniyo ipite ku Vikitimu Sapoti monga katundu wina aliyense.